Chilengezo cha pulakatisi ya kwaya pa WhatsApp: maimoji ati, angati, komanso ayikidwe pati

Funso: Moni akuluakulu. Andisankha kumene kukhala mlembi wa kwaya yathu ya kutchalitchi. Sabata yatha ndinalemba pa gulupu chonchi: "Helo banja 😍😍🔥🔥 mawa pulakatisi nthawi yomwe ija 💃💃 💒 osachedwa 🚨😂😂 amene sabwera 💀". Amayi ena achikulire anandiyimbira foni kuti meseji yanga inalibe ulemu, ndiponso anthu theka sanabwere. Pa gulupupo pali abusa ndi akulu ampingo. Ndizilemba bwanji, nanga maimoji oyenera ndi ati?

Yankho: Achemwali, mwachita bwino kutionetsa meseji yeniyeniyo osabisa kanthu, tikamba zooneka ndi maso. Ine mu kwaya ndakhalamo zaka zambiri, ndinayamba ndi kuyimba aluto kenako ulembi unandipeza, ndiye zilengezo za pulakatisi ndazilemba zosawerengeka. Chimene ndikuona nchakuti muli ndi mavuto awiri osiyana koma mukuwatenga ngati limodzi. Amayi aja anadandaula za maimoji, ndipo sanalakwe. Koma anthu amene sanabwere aja sanajombe chifukwa cha maimoji ayi, anajomba chifukwa meseji sinawauze kanthu kogwirika.

Yesani izi pompano. Tengani meseji ija mufufute maimoji onse, muwerenge chotsalacho mokweza ngati mwayima kutsogolo m'tchalitchi nthawi ya zolengeza. Tsiku mulibe. Nthawi mulibe. Malo munasiyira kachithunzi kuti kakuneneleni, ndipo chiganizo chomaliza chathera m'malere, "amene sabwera" basi, chifukwa mawu otsiriza munapatsa chigaza. Mayeso amenewa ndi amene ine ndimachita pa chilengezo chilichonse ndisanadine kotumizira: ndikachotsa maimoji onse, kodi munthu woti walowa kwaya mwezi watha angafike pa malo oyenera, nthawi yoyenera, atanyamula zoyenera? Ngati ayi, ndiye kuti sindinamalize kulemba. Imoji ntchito yake pa chilengezo ndi kulozera diso basi, kuti munthu amene akufuna nthawi yokha aipeze osawerenganso zonse. Uthenga umanyamulidwa ndi mawu.

Liwu loti "mawa" ndi limene lakupwetekani kwambiri. Inuyo munalemba Lachisanu, mukudziwa kuti mawa ndi Loweruka. Koma si onse amatsegula data tsiku ndi tsiku, wina bandulo inamuthera, wina foni inazima, wina ali ku ntchito kumene salola mafoni, ndiye meseji imamufika Loweruka m'mawa pamodzi ndi mameseji ena mazana, amawerenga "mawa" nkumaganiza kuti mukunena Lamulungu mapemphero asanayambe. Komanso wina akaifowada kwa mnzake, imafika ndi nthawi yatsopano, za tsiku limene inu munalemba sizipita nawo. Ndiye muzilemba dzina la tsiku ndi deti yomwe, zonse ziwiri, chifukwa deti yokha anthu saisunga m'mutu ndipo dzina la tsiku lokha silinena kuti Loweruka lake liti. "Nthawi yomwe ija" nayonso ndi ya anthu akale mu kwaya okha, watsopano saidziwa ndipo amachita manyazi kufunsa pa gulupu pali abusa.

Ndikulembereni mmene ine ndikanalembera, masiku ndi nthawi ndangoyikapo zachitsanzo, inu muyika zanu:

```
🎶 *Pulakatisi ya kwaya, Loweruka pa 14 Juni*

Moni abusa, akulu ampingo ndi oyimba nonse.

🕒 3 koloko masana mpaka 5 koloko madzulo
📍 Mu holo, osati m'tchalitchi
🎼 Nyimbo yolowera, ya chopereka ndi yatsopano ija
📖 Tengani buku la nyimbo ndi cholembera

Amene mubwera ikani 👍 pa meseji ino. Amene simutha ndiuzeni kumbali pofika Lachisanu madzulo.

Zikomo, Ambuye akudalitseni 🙏
Mlembi wa kwaya
```

Mwina mwadabwa kuti moni sanakhale koyamba, poti ife munthu sungoyamba nkhani usanapereke moni. Chifukwa chake ndi sikilini. Meseji ikalowa, pa notifikeshoni komanso pa mndandanda wa macheti pamangooneka mawu oyambirira okha, ena onse amadulidwa. Mukayamba ndi moni wautali wa mizere itatu, munthu amaona moniyo nkuganiza kuti ndi mameseji a m'mawa aja ofunirana tsiku labwino, amati ndiwerenga nthawi ina, basi yapita. Koma akaona "Pulakatisi ya kwaya, Loweruka pa 14 Juni" nkhani yaikulu wayimva kale olo asatsegule. Moni ali pomwepo pa mzere wachiwiri, ndipo onani kuti ndatchula akuluakulu poyamba ndi maudindo awo. Ulemu umene amayi aja anausowa, theka lake lili pamenepa. "Helo banja" ndi moni wabwino kwa anzanu a sopulano mukamacheza, koma pa gulupu pamene pali munthu wa msinkhu wa agogo anu, amamva ngati mwamulumpha.

Nthawi yomalizira musamaisiye. Anthu ambiri amalemba yoyambira yokha, koma mayi amene wasiya mwana ndi munthu wina, kapena bambo amene akulowa ntchito usiku, chimene akufuna kudziwa ndi nthawi yoweruka, ndipo akapanda kuiona amangosankha kusabwera. Mukailemba muisungenso, mugwirizane ndi akwayamasitala musanatumize, chifukwa mukalemba 5 koloko nkumatuluka 7 koloko kawiri katatu anthu amasiya kukhulupirira zilengezo zanu. Nyimbo nazo muzitchula ndi mayina kapena manambala ake a m'buku, ine apa ndangolemba mwachidule. Zimathandiza woyimba kiyibodi kukonzekera, ndipo wa tena amene akudziwa kuti nyimbo yatsopano ija imamuvuta amadziwa kuti pulakatisi iyi si yojomba.

Tsopano maimoji. Mu chitsanzo changa alimo 7, ndipo onani malo ake: imodzi pa mzere, koyambirira kwa mzere, yosabwerezedwa. Ali ngati zikwangwani zoyimikidwa m'mbali mwa msewu, diso limatsika kumanzere nkuyima pa wotchi kapena pa kapini kofiira. Awiri okha ndi amene ali mkati kapena kumapeto, 👍 chifukwa ndikuonetsa chimene munthu adine, ndi 🙏 yotsekera. Palibe nkhope olo imodzi, ndipo ndachita dala. Maimoji a zinthu, monga wotchi, buku, manotsi a nyimbo, tanthauzo lake ndi limodzi kwa wachinyamata ndi kwa wachikulire. Maimoji a nkhope ndi amene amabweretsa mikangano, chifukwa aliyense amawerenga nkhopeyo mmene akumvera yekha tsiku limenelo, ndipo mibadwo siwerenga mofanana.

Titenge anu aja imodzi imodzi, poti iliyonse ili ndi vuto lakelake. 💒 si tchalitchi wamba ayi, dzina lake lenileni ndi ukwati, mukaikulitsa muona timitima. Tchalitchi ndi iyi ⛪. Pa foni zonse ziwiri ndi tating'ono ndiye anthu amazisokoneza kwambiri, ndipo kwaya ikaona 💒 ena amaganiza kuti pulakatisi ndi yokonzekera ukwati wa winawake nkuyamba kufunsana kuti akukwatira ndani. Chenjeraninso kuti pafupi ndi ⛪ pa kiyibodi ya foni pali 🕌 ndi 🕍, nyumba zopemphereramo za zipembedzo zina, chala chikaterereka pang'ono mwatumiza ina. Ine ⛪ ndimayika pokhapokha ngati pulakatisi ili m'tchalitchi mwenimwenimo. Ikakhala mu holo kapena kunyumba kwa membala ndimayika 📍, chifukwa munthu wothamanga amaona kachithunzi ka tchalitchi osawerenga mawu nkukadikira pa khomo lolakwika.

😂 ndi nkhope yoseka mpaka misozi. Achikulire ena amaiona ngati yolira, ndiye kwa iwo meseji yanu inali ndi kulira pakati popanda chifukwa. Kwa amene amaidziwa, kuiyika pambuyo pa "osachedwa" kumamveka ngati mukuseka anthu ochedwa, kapena kuti lamulolo ndi nthabwala chabe. Njira zonse ziwiri mwaluza. 💀 ndiye ndikukhulupirira kuti ndi imene inawayimbitsa foni amayi aja. Kwa achinyamata imatanthauza ndafa ndi kuseka, ndikudziwa kuti ndi mmene munaiyikira. Koma werengani ndi maso a munthu wa zaka 65: amene sabwera, kenako chigaza cha munthu wakufa. Limeneli kwa iye ndi temberero, ndipo lalembedwa pa gulupu ya mpingo. Imeneyi isadzaonekenso pa chilengezo, olo mwanthabwala bwanji.

😍 ndi 😘 ndi za chikondi cha anthu awiri, ndipo gulupu ya kwaya muli amuna a eni ndi akazi a eni, muli achinyamata, mwina muli ndi ana a sukulu. Inu mumatanthauza kuti ndimakukondani nonse, koma mkazi wa wa besi akatenga foni ya mwamuna wake nkuona nkhope za maso a mitima zochokera kwa mlembi, sadzayamba ndi kufunsa kuti meseji inali ya gulu lonse. ❤️ nayo ine pa chilengezo ndimaisiya pa chifukwa chomwecho, ngakhale kuti pa meseji yothokoza kwaya itayimba bwino siivuta kwenikweni. 💃 ndi mayi wovina atavala diresi lofiira, olo kwaya yanu imavina poyimba, chithunzicho anthu amachidziwira ku mameseji a mapate. 🔥 palibe tchimo, ena amaiyika ponena za moto wa Mzimu, koma ambiri amaigwiritsa ntchito poyamikira chithunzi cha munthu wotchena, ndiye pa chilengezo siinena chilichonse chimene mawu sananene. 🚨 isungeni, ndi ya tsiku limene zinthu zasintha mwadzidzidzi, mukamaiyika sabata iliyonse tsiku lofunikalo palibe adzatembenuke. Ndipo pali zina zooneka zosalakwa zimene kunjaku zili ndi matanthauzo a kuchipinda, monga 💦 🍑 🍆, munthu akhoza kuyika 💦 pofuna kunena kuti tengani madzi akumwa. Lembani mawu, tengani madzi akumwa, basi.

Pali ina imene imaoneka yachikhristu kwambiri koma ine ndimaiopa kuposa zonsezi, ndipo ndinaphunzira ndi misozi ya munthu. Chaka china tinali ndi bambo wa besi amene anagonekedwa m'chipatala, kwaya yonse ikumupempherera. Sabata yomweyo panali pulakatisi yokonzekera mapemphero a usiku, ndiye chilengezo chinatuluka pa gulupu chitayamba ndi 🕊️🕯️ kenako mawu oti abale ndi alongo okondedwa. Sipanathe mphindi zisanu foni yanga inalira, mayi wina wa sopulano, mawu akunjenjemera, akungoti "atisiya liti, bwanji simunatiuze". Sanatsegule nkomwe meseji, anangoona nkhunda ndi kandulo pa notifikeshoni ali pa ntchito, anatuluka panja nkuyamba kulira. Bambo aja anali moyo ndipo anachira. Kuyambira pamenepo 🕊️ ndi 🕯️ ndimazidziwa kuti pa mafoni anthu anazizolowera pa mauthenga a maliro, ngakhale kuti m'tchalitchi nkhunda ndi chizindikiro cha Mzimu Woyera ndi mtendere. Pa mzere woyamba wa chilengezo cha pulakatisi zisakhalepo. 🖤 🥀 💔 chimodzimodzi.

Ndiye otsala oti muzigwiritsa ntchito ndi ochepa, ndipo ndi okwanira. Za nyimbo muli ndi 🎶 🎵 🎼, sankhani imodzi ya pa mutu ndipo ikhale yomweyo sabata iliyonse, anthu amafika poizolowera moti akangoona 🎶 kuchokera kwa inu amadziwa kuti ndi za pulakatisi. 🎹 🥁 🎤 ndi zabwino pamene mzerewo ukukhudza anthu a zida, mwachitsanzo "🎹 A zida mufike 2:30 kuti mulumikize". ✝️ ndi yaulemu koma si chokongoletsera, ine ndimaisungira nyengo ngati ya Pasaka, ndipo muonetsetse kuti simunatenge ➕ ya masamu kapena ☦️ imene ili mtanda wa mipingo ya Orthodox, pokhapokha ngati ndi mpingo wanu. 🙌 ndi ya chimwemwe, imakhala bwino pothokoza osati poyitana.

🙏 ndiyikambe payokha. Ndi manja awiri ophatikizana, ndipo imanyamula zambiri: pemphero, zikomo, chonde, pepani, ameni. Nchifukwa chake ili yabwino potsekera, imodzi. Mukayika zisanu zondondozana sizikhala ulemu kasanu, zimayamba kuoneka ngati mukuchonderera anthu kuti akuchitireni chifundo abwere, pamene pulakatisi ndi udindo umene anavomera okha. Za mtundu wa khungu, 🙏 kapena 🙏🏾, zilibe kanthu, sankhani imodzi muzikhala nayo.

Za wotchi, anthu ambiri sadziwa kuti maimoji a wotchi alipo 24, ola lililonse ndi theka lake lomwe, ndipo mivi yake imalozadi nthawi. 🕒 ndi 3 koloko, 🕞 ndi 3:30, 🕓 ndi 4 koloko. Mukatenga iliyonse imene yayandikira chala, pali munthu mmodzi mu kwaya iliyonse amene adzaikulitsa nkukufunsani kuti titsatire wotchi kapena mawu. Ngati mulibe nthawi yofufuza yolondola, ⏰ imakwanira. Kalendala ndiye mwaona kuti sindinaiyike nkomwe. 📅 imabwera ndi deti yake yojambulidwa kale imene simungaisinthe, pa iPhone imaonetsa 17 Julayi, pa WhatsApp ya Android imaonetsa 24 Febuluwale. Pa chilengezo chimene nkhani yake yaikulu ndi deti, sindifuna nambala ina yopikisana ndi yanga pa mzere womwewo. Ena amaiyika ndipo sizivuta nthawi zambiri, koma ine deti ndimaiyika pa mutu mu zilembo zakuda, ndi pomwe imaoneka bwino.

Zilembo zakudazo zimachokera ku tinyenyezi tija mwaona pa mzere woyamba. Kanyenyezi kagundane ndi chilembo, pasakhale mpata:

```
*Loweruka pa 14 Juni*
```

Mukasiya mpata pakati pa kanyenyezi ndi liwu, sizida, tinyenyezi timangotsala poyera. Detsani mzere umodzi kapena iwiri basi, mutu ndi mwina nthawi. Ndipo musalembe meseji yonse mu zilembo zazikuluzikulu, pa foni zimamveka ngati mukukalipa, zomwe ndi kupanda ulemu kwina kumene anthu sakutchula koma amakumva. Meseji ikatalika kwambiri WhatsApp imaidula nkuyika Read more, ndipo chilichonse chili pansi pa mawu amenewo muziwerengera kuti theka la anthu silichiona, ndiye ngati mukufuna kuyika vesi kapena mawu olimbikitsa akhale a mzere umodzi kumapeto, osati ulaliki pamwamba pa nthawi ndi malo.

Chifukwa china chimene ndimalimbikira kuti mawu aziyima okha nchakuti chimene inu mukuona pa sikilini yanu si chimene aliyense akuona. Zojambula za maimoji zimasiyana pakati pa iPhone ndi Android. Maimoji atsopano, monga 🫶 imene inabwera mu 2021, pa foni yakale kapena WhatsApp yosapangidwa apudeti imangooneka kabokosi kopanda kanthu, pamene 🙏 ndi 🎶 ndi akale, a 2010, amaoneka paliponse. Membala wosaona bwino amene foni imamuwerengera mokweza ndi TalkBack amamva dzina la imoji iliyonse likutchulidwa, ndiye maimoji khumi ndi awiri ondondozana kwa iye ndi chiphokoso asanafike pa nkhani. Ndiye pali amene alibe WhatsApp, oti wina amawakopera meseji nkuwatumizira pa SMS. Apa pali kanthu kamene ambiri sadziwa: SMS imodzi imanyamula zilembo 160, koma mukangoyikamo imoji olo imodzi malire amatsika kufika pa 70, meseji imaduka zidutswa zambiri, ndipo pa foni ya mabatani maimojiwo amafika ngati timabokosi. Ngati muli ndi mamembala otero, alembereni yawo ya mzere umodzi yopanda imoji ndi tinyenyezi: pulakatisi ya kwaya Loweruka pa 14 Juni, 3 koloko masana, mu holo.

Tibwere pa 👍 ija. Vuto la magulupu a kwaya ndi loti chilengezo chikangotuluka pamabwera ma "ameni", "zamveka", "tikumana" makumi atatu ndi masitika pamwamba, ndiye amene watsegula foni madzulo amapeza mayankho okhaokha, chilengezo chakwiririka kumtunda. Mariyakishoni, amene WhatsApp inabweretsa mu 2022, amathetsa zimenezi: munthu amadinikiza meseji kwa kanthawi nkusankha imoji, imakamamatira pansi pa meseji yanu osawonjezera meseji ina, ndipo inu mukadina pamenepo mumaona mayina a onse amene ayika. Koma muyenera kunena mu chilengezomo kuti imoji yake iti ndipo ikutanthauza chani. Mukapanda kunena, ambiri adzayika 🙏, ndipo simudzadziwa ngati akuti ndibwera, ndaona, kapena pepani sinditha. Ngati pa gulupu panu achikulire amaona 👍 ngati yachibwana, nenani ✅ m'malo mwake, kungoti imeneyi siili pa maimoji 6 amene amaoneka poyamba mukadinikiza meseji, mpaka munthu adine kachizindikiro kowonjezera nkuifufuza, ndiye ena amagwa ulesi.

Mukafuna chiwerengero chenicheni, mwina akwayamasitala akufuna kudziwa ngati a tena akwana kuti aphunzitse nyimbo yatsopano, Poll ndi yabwino kuposa riyakishoni. Mayankho atatu akwana, ndibwera, ndichedwa, sinditha, ndipo muzimitse Allow multiple answers kuti munthu asasankhe ziwiri. Dziwani kuti aliyense pa gulupu amatha kuona amene wasankha chani, nchifukwa chake zifukwa zojombera ndimati anditumizire kumbali. Munthu amene akudwala kapena kunyumba kwake kwavuta asakakamizidwe kufotokoza pamaso pa anthu makumi anayi. Pa chifukwa chomwecho, za ochedwa ndi ojomba musazilowetse mu chilengezo. Kudzudzula ndi ntchito ya atcheyamani kapena akwayamasitala, pamaso, ndipo inu mlembi watsopano mukayamba kuopseza pa gulupu, olo ndi kaimoji, anthu amakusungirani kukhosi. Ngati kusunga nthawi kwavutadi, mzere woti "tiyamba ndi pemphero 3 koloko yeniyeni" umanena zomwezo popanda kuloza munthu chala.

Mukatumiza, ikhomereni pamwamba. Dinikizani meseji, sankhani Pin, ikufunsani maola 24, masiku 7 kapena masiku 30, ya pulakatisi ya sabata ino masiku 7 ndi yokwana, ndipo pulakatisi ikatha muichotse kuti sabata yamawa wina asawerenge yakale. Ngati Pin sikukulolani ndiye kuti adimini anatseka, apempheni akhome iwo kapena akupatseni uadimini. Ine ndimatumiza masiku atatu pulakatisi isanafike, masana kapena chakumadzulo, osati usiku anthu atagona, foni ya abusa kulira pakati pa usiku amadzuka akuganiza kuti kwagwa zovuta. Tsiku lotsatira ndimaona Info ya mesejiyo, imaonetsa amene awerenga ndi amene yangowafika. Musadikire timizere tiwiri kuti tisanduke tabuluu, pa gulupu timasintha pokhapokha aliyense atawerenga, ndipo nthawi zonse pamakhala nambala imodzi yakufa. Amene sakuoneka konse pa Info, osati pa owerenga osati pa ofikiridwa, amenewo ndi oyimbira foni kapena kuwatumira mnzawo wa pafupi.

Mukalakwitsa kalembedwe, Edit imagwira ntchito mkati mwa mphindi 15 chitumizireni. Koma apa pali msampha umene wagwetsa alembi ambiri: kukonza meseji sikutumiza notifikeshoni yatsopano, pamangolembedwa kamawu kakang'ono koti Edited. Ndiye ngati mwakonza chilembo chimodzi palibe vuto, koma ngati mwasintha 3 koloko kukhala 4 koloko, onse amene anawerenga kale atsala ndi 3 koloko m'mutu. Kusintha kwa nthawi, tsiku kapena malo kumafuna meseji yatsopano, yoyankha pa yakale ija kuti zilumikizane, ndipo apa ndi pamene chizindikiro chochenjeza, ⚠️ kapena 🚨 ija, chimagwira ntchito yake:

```
⚠️ *Kusintha: pulakatisi ya Loweruka pa 14 Juni*
Tiyamba *4 koloko*, osati 3 koloko. Malo ndi omwe aja, mu holo.
Pepani chifukwa cha kusinthaku 🙏
```

Onani kuti ndatchula nthawi yatsopano ndi yakale yomwe, kuti munthu adziwe kuti si ine ndalakwitsa kutayipa. Kenako chotsani Pin pa yakale muyike pa iyi. Delete for everyone imatheka mpaka pafupifupi masiku awiri, koma imasiya chizindikiro choti meseji yafufutidwa ndipo anthu amayamba kufunsa kuti munalemba chani, ndiye ine ndimafufuta pokhapokha ngati yakaleyo ingasocheretse anthu, ndipo ndimanena kuti ndafufuta ine chifukwa nthawi inalakwika. Chikumbutso cha m'mawa wa tsikulo ndi mzere umodzi, "🎶 Lero Loweruka, 4 koloko, mu holo", osabwereza zonse.

Maimoji amatsatanso chifukwa chimene mukukumanirana. Pulakatisi ya Khirisimasi kapena ya ukwati ikhoza kulandira ⭐ kapena 💒 ija pa mutu, pamenepo ndiye pamalo pake. Koma ikakhala yokonzekera kukayimba pa maliro, chotsani onse, olo 🎶 yomwe, mulembe mawu okhaokha ndipo mwina 🙏 imodzi kumapeto, chifukwa pa gulupupo pakhoza kukhala wachibale wa omwalirayo, ndipo timanotsi todumphadumpha pamwamba pa dzina la mayi ake timamupweteka.

Za amayi anakuyimbirani aja, musapepese pa gulupu, zingokulitsa nkhani imene ambiri aiwala kale. Apezeni Lamulungu mapemphero akatha, muwathokoze kuti anakuyimbirani inuyo m'malo mokudzudzulani pagulu, muwafotokozere kuti chigaza chija kwa achinyamata ndi kuseka koma mwamva mmene chinaonekera. Ndiye chilengezo cha sabata ino, musanachitumize pa gulupu, atumizireni iwo kaye kumbali muwafunse kuti amayi, tandionerani ngati chili bwino. Akakuuzani kuti imoji yakuti ichoke, ichotseni olo ili pa zimene ine ndati nzabwino, gulupu yanu amaidziwa ndi iwo kuposa ine.